Mtima umangogunda, thupi latopa: kodi kuyenda kungathandize nkhawa?

"Achimwene, ndili ndi zaka 34, ndimagulitsa mushopu ku Limbe ndipo ndimakhala ku Bangwe. Papita miyezi isanu ndili ndi nkhawa yosadziwika bwino, mtima umangoyamba kugunda ndili chikhalire, m'manja thukuta, usiku tulo sitibwera. Kuchipatala anandiyeza bipi akuti ili bwino, nde nesi anati ndiziyenda kapena kupanga majimu. Koma ine ndimaweruka nditatheratu, ngakhale kuphika ndimachita kudzikakamiza. Kuyenda kungachotse bwanji nkhawa, nanga munthu wotopa chonchi ayambire pati?"

Achemwali, anesi aja sananame, kungoti anakuuzani mwachidule kwambiri pamzere wautali uja. Ndiyambe ndi kugunda kwa mtimako chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Munthu ukaona njoka panjira, tiziwalo tiwiri tating'ono timene tili pamwamba pa impso timatulutsa adirenalini m'magazi, nde mtima umathamanga, mpweya umakhala wa befu, shuga amachuluka m'magazi kuti miyendo ipeze mphamvu yothawira. Ukathawa, zonsezo zimagwira ntchito yake kenako thupi limabwerera mwakale. Vuto la nkhawa ndi loti belu lomweli limalira popanda njoka, muli chikhalire kuseri kwa kauntala mukuganiza za lendi kapena fizi ya mwana, thupi lakonzeka kuthawa koma palibe kothawira. Mapewa amauma, nsagwada zimalumana, m'mimba mumachita ngati mwamangidwa mfundo. Ndipo kutopa kwanu kwina kukuchokera pomwepo, chifukwa kukhala chokonzekera ngozi kuyambira m'mawa mpaka usiku kwa miyezi isanu ndi ntchito yolemetsa ngakhale simunanyamule thumba la chimanga.

Mukayenda ndawala maminitsi angapo, minofu ikuluikulu ya m'miyendo imagwiritsa ntchito mphamvu yomwe inasonkhana ija, ndipo mukaima thupi limalowa m'giya yopumula, mtima umatsika pang'onopang'ono, mapewa amamasuka. Anthu ambiri amamva kupepukidwa kwa maola angapo akangoyenda kamodzi. Si zokhalitsa ayi, mawa nkhawa ibweranso, nchifukwa chake nkhani ndi yobwereza osati yoyenda mtunda wautali tsiku limodzi.

Koma chimene ine ndimachiona chachikulu kuposa zonse ndi ichi. Munthu wankhawa amayamba kuopa thupi lake lomwe. Mtima ukangogunda pang'ono maganizo amati basi ndikufa, kapena ndikomoka pagulu, ndiye manthawo amawonjezera adirenalini wina, mtima nkuthamangiratu, zimangozungulira choncho. Tsopano mukamakwera kamtunda ka ku Bangwe kaja mtima umagundanso chimodzimodzi, befu yemweyo, thukuta lomwelo, koma ulendo uno mukudziwa chimene chachititsa, ndipo mukafika pamwamba nkuima mumadzionera nokha ukutsika popanda choipa chilichonse kuchitika. Mukachita zimenezi kakhumi, ka 20, ubongo umaphunzira kuti kugunda kwa mtima pakokha si uthenga wa maliro. Nde tsiku lina ukayamba kugunda muli mushopu, simuchita nawo mantha ngati kale, ndipo umasiya msanga. Kuphunzira kumeneku sikubwera ndi kuuzidwa, ngakhale dokotala atanena kangati kuti mtima wanu uli bwino, thupi limakhulupirira zimene ladutsamo lokha.

Ine ndinadutsamo bambo anga atamwalira. Ndinkadzuka 3 koloko usiku mtima uli phaphapha, ndinkaopa ngakhale kukwera masitepe chifukwa befu ankandikumbutsa zausikuzo. Tsiku loyamba ndinayenda kuchoka pageti kukafika pamjigo wa m'dera lathu nkubwerera, ndipo ndinabwerera ndikunjenjemera. Zinanditengera pafupifupi mwezi ndi theka kuti ndizindikire zoti ndagona mpaka kucha masiku atatu otsatizana.

Musanayambe, tiyeni tione kutopako kaye, chifukwa si kutopa konse komwe kumatha ndi kuyenda. Mwati anakuyezani bipi, koma kodi anakuyezani magazi? Kuchepa magazi nkofala kwambiri kwa amayi, makamaka amene amataya magazi ambiri akakhala kumwezi kapena amene abereka posachedwa, ndipo kumabweretsa zinthu zofanana ndendende ndi nkhawa: mtima kugunda, befu, chizungulire, kufooka. Tayang'anani pagalasi mkati mwa chikope chammunsi ndi m'zikhatho, ngati mwayera mbuu pitani akakuyezeni. Chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira chimachititsanso mtima kuthamanga, manja kunjenjemera ndi kuonda ukudya bwinobwino. Shuga naye amafoola, limodzi ndi ludzu komanso kukodza pafupipafupi. Ngati pali kutentha thupi, chifuwa chopitirira masabata awiri, thukuta lausiku kapena kuonda, mukayezetse malungo, TB ndi HIV. Ndipo ngati poyenda mumva kupweteka kofinya pachifuwa, mwakomoka, miyendo ikutupa, kapena mukubanika mukagona chagada, siyani zoyendazo mupite kuchipatala tsiku lomwelo, musati ndi nkhawa chabe.

Zimenezo zikakhala bwino, pali kayeso kophweka kosiyanitsira. Kutopa kwa nkhawa kumapepuka mukayamba kusuntha: maminitsi asanu oyamba miyendo imalemera ngati mwamanga njerwa, koma pofika pa khumi mumamva bwinoko kuposa mmene munanyamukira. Kutopa kwa matenda kumakula mukamapitiriza. Palinso anthu ena, kawirikawiri amene anadwala matenda ngati kovidi, omwe akachita kanthu kakang'ono amafooka koopsa mawa lake kapena mkuja nkugona masiku angapo ngati akudwala chimfine chachikulu. Ngati ndinu wotero musadzikakamize kuwonjezera, zimaipiraipira, mukafotokoze kwa dokotala.

Tsopano poyambira penipeni. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu azichita maminitsi osachepera 150 pasabata, ndiye kuti 30 patsiku kwa masiku asanu. Imeneyo ndi kofikira, inu musaiganizire panopa. Ambiri amalephera chifukwa amayamba ndi ola lathunthu Lolemba, Lachiwiri miyendo ili phwanyuphwanyu, Lachitatu asiya nkumadziona ngati olephera, nkhawa nkuwonjezekanso.

Inu yambani ndi maminitsi 10, asanu kupita asanu kubwerera, amene ndi mtunda wosafika kilomita imodzi. Ndipo poti mwati mukafika kunyumba mumakhala mutatheratu, musakonze zoti ndikafika ndipume kaye kenako ndituluke, simutuluka, mpando ukakugwirani wakugwirani. Ikani kuyendako mkati mwa ulendo umene mumayenda kale. M'mawa tsikani minibasi siteji imodzi musanafike pomwe mumatsikira, kapena nyamukani msanga ndi maminitsi 10 mukakwerere siteji yakutsogolo. Ndikanakonda m'mawa chifukwa kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumathandiza thupi kudziwa nthawi yogona usiku, komanso madzulo kumada msanga makamaka miyezi ya Juni ndi Julayi, ndipo mzimayi kuyenda yekha mumdima ali ndi mantha a akuba si kuyenda kochotsa nkhawa. Sapato zapansi muike m'chikwama usiku, zisakhale zoganiza m'mawa.

Mwina mukuti, koma ine ndimaima tsiku lonse mushopu, si jimu yokwanira imeneyo? Kuima ndi kutumikira makasitomala kumatopetsa miyendo koma sikukweza mtima mwandondomeko nkuulola kutsika, ndipo maganizo amakhala ali pa chenji ndi bwana. Chimodzimodzi kuthamangira minibasi mutachedwa, kumeneko ndi kudyetsera nkhawa. Kuyenda kumene ndikunena nkosathamangitsidwa ndi wotchi, foni ili m'chikwama, maso akuona zimene zili panjira. Maganizo akabwerera ku ngongole, ndipo abwerera ndithu, werengani masitepe anu mpaka 50 nkuyambiranso, kapena mverani mmene phazi likupondera pansi.

Liwiro lake muziyeza ndi pakamwa. Ngati mungathe kuimba nyimbo yakwaya bwinobwino mukuyenda, mukuchedwa, onjezerani pang'ono. Ngati mukutha kulankhula koma kuimba kukukanika, ndi pomwepo. Ngati simungathe kumaliza chiganizo, mwanyanya. Sabata yoyamba ngakhale kuyenda koimba komweko nkokwanira.

Tinene kuti mwayamba Lolemba likubwerali. Sabata yoyamba ndi yachiwiri, maminitsi 10 kwa masiku anayi kapena asanu. Sabata yachitatu 15, yachinayi 20, ndipo muwonjezere pokhapokha ngati sabata yapitayo simunadzuke mutafooka kuposa kale. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi mwina muli pa 25 kapena 30, kapena 15 m'mawa ndi 15 nthawi ya lanchi, zonse zimawerengedwa. Tsiku limene mwadzuka mulibiretu mphamvu pangano likhale ili: ndiyenda maminitsi asanu okha, ndikafuna kubwerera ndibwerera. Nthawi zambiri mudzapezeka mwapitiriza, koma mukabwerera, tsikulo mwalichongabe. Mukadumpha masiku atatu chifukwa cha maliro kapena mvula, musabweze ngongole poyenda ola lonse, yambirani pamene munasiyira kapena pansi pang'ono.

Pali chinthu chimene chikhoza kukuchitikirani sabata yoyamba chomwe ndikufuna musadabwe nacho. Mtima ukayamba kukwera panjira mantha aja akhoza kubwera, maganizo nkumati zayambanso. Musathamangire kukwera kabaza. Chepetsani liwiro koma musaime zii, pumani mpweya kudzera m'mphuno kwa masitepe atatu, tulutsani pang'onopang'ono kwa masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi, kutulutsa kukhale kotalika kuposa kukoka. Mantha oterewa amafika pachimake mkati mwa maminitsi pafupifupi 10 kenako amatsika okha. Mukadutsa kamodzi kokha mukuyendabe, mwaphunzitsa thupi zambiri kuposa masiku khumi oyenda popanda vuto. Musanyamukenso ndi njala kapena mutangomwa khofi kaya zakumwa zopatsa mphamvu zija, chifukwa kafini amagunditsa mtima ndipo munthu wankhawa amamumva kwambiri. Nthochi imodzi kapena mbatata yotsala dzulo ndi madzi zikwanira.

Kuti mudziwe ngati zikugwira, tengani kakope, musananyamuke lembani nkhawa yanu pakati pa 0 ndi 10, mukafika lembaninso. Mwina 7 kenako 5. Usiku lembaninso nthawi imene mwagona. Nkhawa imaiwalitsa zabwino, moti popanda kakopeko mudzati palibe chasintha chonsecho manambala akutsika. Musayeze kugunda kwa mtima pafoni kapena kugwira pamkono kawirikawiri, zimenezo zimangokulitsa kudzimvetsera kumene tikufuna kuchepetsa.

Mukayenda mokhulupirika masabata asanu ndi atatu manambala osasuntha, kapena mukaona kuti palibenso chimene chikukusangalatsani, mukulira nokha, mukulephera kupita kuntchito, kuyenda kokha sikukwanira ndipo si kulakwa kwanu. Bwererani kuchipatala mukanene mawu akuti nkhawa momveka bwino, mupemphe kuonana ndi nesi kapena dokotala wa matenda a maganizo, ku Queens alipo ndipo si kutali ndi kwanu. Uphungu ndi mankhwala zimagwira bwino limodzi ndi kuyenda, ndipo ngati akupatsani mankhwala musawasiye poti mwayamba kumva bwino panjira. Ngati maganizo ofuna kudzipha abwera ngakhale kamodzi, musadikire masabata amenewo, uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe akuperekezeni.

Mundilemberenso pakatha masabata awiri, mundiuze zotsatira za magazi ndi manambala a m'kakope kaja, tione ngati tikwere pa 15 kapena tikhale kaye pa 10.