Mafiti 199 ndi mamita angati pogula mapaipi?

"Alangizi, ndayeza kuchokera pomwe ndiike pampu kufika kumutu kwa dimba ndi tepi yakale ya mafiti, ndapeza 199. Mwana wanga pa foni akuti ndi mamita 60.6552, mnzanga akuti 59.7. Ndigule mapaipi angati a mamita 6?" Mlimi wa ku Makhanga.

Bambo, gulani mapaipi 11, ndipo m'kabuku kanu lembani mamita 60.7.

Mwana wanu sanalakwitse masamu. Fiti imodzi ndi mamita 0.3048 ndendende, monga mayiko anagwirizana mu 1959, ndipo mukachulukitsa 199 ndi 0.3048 foni ikupatsanidi 60.6552. Koma foniyo sinali nanu kudimba. Sinaone tepi ikukodwa m'mapesi a chimanga, ikukwera mizere n'kutsika, kapena wogwira mbali inayo akuikoka mpaka kutanuka. Nambala yomaliza ija, 2, ikunena za kachidutswa ka milimita, kochepa kuposa kambewu ka chitowe. Ndani anayezapo dimba mpaka pamenepo, dzuwa la mu Okutobala lili pamutu?

Ndikuganiza kuti munawerenga mafiti athunthu okha, mainchi osawalabadira. Choncho mukati 199, kutalika kwenikweni kuli penapake pakati pa 198.5 ndi 199.5. Tisinthe malire awiriwa: 198.5 itipatsa mamita 60.5, ndipo 199.5 itipatsa 60.8. Mwaona? 60 uja sakugwedezeka, koma nambala yoyamba pambuyo pa kadontho yayamba kale kusewera. Zotsatira zake, 552 zija, n'zongokongoletsa.

Lamulo lomwe timatsata pochulukitsa ndi lakuti yankho likhale ndi manambala odalirika ofanana kuchuluka ndi amene munawerenga pa tepi. Munawerenga atatu: 1, 9, 9. Ndiye yankho lisunge atatu: 6, 0, 6. Kenako yang'anani nambala yotsatira. Ikakhala 5 kapena kuposa, wonjezani 1 pa yomaliza mwasungayo. Ikachepera 5, isiyeni momwe ilili. Apa yotsatira ndi 5, motero 60.6 akwera kukhala 60.7. Manambala anayi a mu 0.3048 asakusokonezeni, chifukwa amenewo si oyeza ndi tepi, ndi ogwirizana, alibe chikayiko.

Tsono za mnzanu uja. Iye anafupikitsa asanayambe n'komwe, anati fiti ndi 0.3 basi. Pa fiti imodzi anataya mamilimita osakwana 5, zooneka ngati palibe kanthu. Koma anawataya maulendo 199, ndipo pamodzi akwana pafupifupi mita yathunthu. Nayi ngozi yake: 59.7 kugawa ndi 6 sikufika pa 10, ndiye mukanagula mapaipi 10, mamita 60, muli ndi mtima woti pali chotsala. Mukanalumikiza onse n'kupeza kuti madzi akuthera masentimita 70 musanafike pa ngalande. Ndinaziona zimenezi pa dimba lina la nyemba: bambo wake anamangirira chubu cha njinga pa mpatapo, chikudontha masana onse, pansi pali thope, iye akudikira tsiku lowolokanso Shire pa bwato kukagula paipi imodzi yokha ku Bangula. Ndalama ya ulendo inamuwawa kuposa ya paipiyo.

Kufupikitsa kuchitike kamodzi kokha, pamapeto, masamu onse atatha. Ndipo musapyole muyezo: kungoti "mamita 60" n'kutaya nambala yachitatu yomwe munaivutikira padzuwa, ndipo kukugwetsani m'dzenje lomwelo la mapaipi 10.

Pogula pali kusiyana pang'ono. 60.7 kugawa ndi 6 ndi 10.1. Lamulo la m'kalasi lingati tsitsani akhale 10, koma paipi yosafika siithirira, ndiye pogula timakweza nthawi zonse. Komanso paipi iliyonse imalowa m'kamwa mwa inzake masentimita angapo, ndipo malumikizidwe khumi amadya utali ndithu. Chotsala cha paipi ya nambala 11 musungire pokonza pophulika, ng'ombe za kuno sizisankha popondapo.

Mukanakhala kuti munayeza ndi mapazi, kuponda n'kumawerenga, n'kuti "mafiti ngati 200", bwenzi ndikukuuzani zina. Maziro awiriwo ndi ongoyerekeza, ndipo yankho loona likanakhala "mamita ngati 60", osati 60.96 yomwe foni ingaonetse. Ndi muyezo wotere sindingakuloleni kugula paipi. Ndikanati bwerekani kaye tepi.

Musanapite kusitolo, yezaninso kachiwiri m'mamawa, potsata njira yeniyeni yomwe paipi idzagone, ndi mokhota momwe. Mukapeza 198 kapena 200, mapaipi ndi 11 omwewo. Mukapeza zosiyana ndi mafiti asanu kapena kuposa, onani kumutu kwa tepi: zambiri zakalezi zinaduka n'kumangidwa mfundo, ndipo siziyambiranso pa 0.