Amene munamuphunzitsa kuluka akamachoka ndi makasitomala

"Asisi, ndili ndi saluni ku Katoto. Mtsikana amene ndinamuphunzitsa ndekha wasiya ntchito, watsegula yake ku Chibavi ndipo akumaimbira makasitomala anga kuti azipita kwa iye. Ndimutengere kukhoti kapena nditani?"

Achemwali, pepani. Mtima wandiwawa powerenga chifukwa zimenezi zinandichitikiraponso pa saluni yanga ku Luwinga. Wanga uja anabwera osadziwa ngakhale kugawa mzere wowongoka pamutu, ndinayamba naye kutsuka tsitsi, kenako kupaka rilakisa osawotcha munthu khungu, mpaka anafika poluka meshi mwaukhondo kundiposa ine. Meshi yophunzirira ndinkagula ndekha, mitu ina ankaiwononga ine n'kumasula usiku n'kulukanso ulere kuti kasitomala asakwiye. Atachoka panalibe phokoso ayi, kungoti Loweruka mipando inayamba kumakhala yopanda anthu, amayi amene ankabwera mwezi ndi mwezi osaonekanso. Ndipamene ndinaona kuti onsewo nambala imene anasunga mufoni inali ya iyeyo. Akafuna kubukitsa ankaimbira iye, zithunzi za masitayelo ankatumizira iye, ena dipoziti ankatumiza pa Airtel Money yake.

Apa ndipamene ndimatsutsana ndi anzanga ambiri a masaluni muno mu Mzuzu, amene amati mankhwala ake n'kusamuphunzitsa wantchito zonse. Ayi, ine ndimakana zimenezo. Mukabisa luso ndiye kuti mutu uliwonse wovuta ndi wanu, tsiku limene mwadwala kapena mwapita kumaliro ku Rumphi saluni yaima. Komanso tinene zoona, kasitomala si katundu wanu. Mayi akapeza dzanja limene silimukoka tsitsi la m'mbali amalitsatira, ngakhale atakwera kabaza mvula ya kuno ikugwa. Ifenso timatero ndi matelala athu.

Za kukhoti zo, ngati simunalemberane kalikonse palibe pogwira. Ngakhale mukanalemba kuti asadzatsegule saluni mu Mzuzu monse, khoti silivomereza msanga mgwirizano woletsa munthu kudya ndi luso lake, pokhapokha malire a dera ndi nthawi akhale ochepa komanso omveka. Ndalama za loya bola mugule dirayala ina. Ndipo chonde ngati pali malipiro ake otsala mupatseni, mukawagwira chifukwa cha mkwiyo ndi inuyo amene mukaitanidwe ku ofesi ya leba. Musamunyozenso pa sitetasi, tauni ino ndi yaing'ono, makasitomala omwewo akuwerenga ndipo amamvera chisoni wamng'onoyo osati bwana.

Zoti muchite

Sabata yomwe ino muwaimbire makasitomala anu okhazikika, mmodzimmodzi, osati uthenga wa pagulu. Ingonenani kuti uje anachoka, tsitsi lanu aziluka ndi wakuti ndipo ulendo woyamba ine ndikhala pomwepo kuyang'anira. Amene amabwera pakatha masabata 4 kapena 6, akadumpha kawiri dziwani kuti apita, musawakakamize, ena amabwerera okha akaona kuti kwinako kulibe madzi otentha kapena jenereta magetsi akazima.

Kenako gulani simu ya saluni, muikepo WhatsApp Business, foni yake izigona m'dirowa yanu. Kubukitsa konse ndi malipiro onse a Airtel Money kapena Mpamba zizidutsa pa nambala imeneyo, ndipo ndi yomweyo yolembedwa pachikwangwani. Pambali pake pakhale buku, dzina la kasitomala, sitayelo, mtundu wa meshi, rilakisa imene imamuyanja ndi imene inamuwotchapo. Zimenezi zikamakhala m'mutu mwa mtsikana mmodzi zimatuluka naye pakhomo. Ndipo kasitomala aliyense azolowere manja a anthu awiri, wina akaluka wina atsuke ndi kumalizitsa, ulendo wina asinthane.

Wotsatira amene mudzamuphunzitse mulemberane asanagwire chipeso. Tiyerekeze kuti maphunziro ake, meshi ndi mankhwala zikudyerani K240,000. Mugwirizane kuti akhala miyezi 12, ndipo mwezi uliwonse umene wagwira ntchito ngongoleyo ikutsika ndi K20,000. Akachoka itatha miyezi 8 abweza K80,000, akamaliza chaka palibe chobweza. Mulembemonso notisi ya mwezi umodzi ngati mumamulipira pamwezi, komanso kuti bukulo ndi manambala a makasitomala ndi za saluni, sakuyenera kukopera. Asaine pali mboni, aliyense atenge pepala lake. Koma chaka chikatha muonjezereni komishoni musanapemphedwe, chifukwa mtsikana amene akuluka mitu ya K30,000 iye n'kumalandira zomwe ankalandira akutsuka tsitsi amakhala wayamba kale kufunsa mtengo wa lendi ku Chibavi.