Mphindi 15 za wefuwefu: kagawidwe kake kwa woyamba kumene

"Ndimagulitsa mu shopu pa Kamuzu Road ku Salima, kutsegula 7 koloko, kutseka kutada. Ndamva za masewero a mphindi 15 olimbikira n'kumapumira. Chichokereni kusukulu sindinathamangepo. Ndiyambire pati?"

Achimwene, pa mphindi 15 zimenezo, zolimbikira zenizeni sizikwana n'zitatu zomwe. Zotsalazo n'zokonzekera ndi kupumira, ndipo musaziyese zotaya nthawi.

Mphindi 4 zoyamba n'zotenthetsa thupi. Yendani ndawala kuzungulira nyumba, kenako thamangani pang'onopang'ono pamalo amodzi mukuzunguza manja. Kutentha kwa ku Salima kusakunamizeni kuti minofu yakonzeka kale, thukuta la dzuwa n'lina.

Kenako mphindi 8 za ntchito. Mphindi iliyonse muigawe pawiri: masekondi 20 olimbikira, masekondi 40 ongoyendayenda. Masewero awiri akukwanirani. Mphindi yoyamba thamangani pamalo amodzi mukukweza mawondo. Yachiwiri nyonyomalani n'kudzuka, mpando uli kumbuyo, kungoukhudza osakhalapo, zidendene zili pansi. Sinthanitsani choncho mpaka aliwonse akwane kanayi. Zodumpha zisiyeni kaye, mawondo ndi akakolo sanazolowere. Foni muitchere kuti izilira yokha, chifukwa munthu akatopa amaba masekondi.

Ambiri amagwa pa liwiro. Muyeso wake ndi pakamwa: m'masekondi 20 aja muzitha kutchula mawu awiri kapena atatu basi. Ngati mukucheza bwinobwino ndi aneba, mukunyengerera. Koma vuto lofala ndi linalo, kuyamba mwaukali. Werengani. Mukanyonyomala ka 14 ulendo woyamba, wachitatu n'kungokwanitsa ka 6 msana utapindika, ndiye kuti munawononga mphamvu zonse poyambirira, masekondi 40 sakukwanira kubweza mpweya. Tsiku lotsatira yambani ndi ka 10, ndipo ulendo wachinayi ukhalenso ka 10 kapena 9. Zikakanikabe, tsitsani kufika masekondi 15 n'kupumira 45.

Mphindi 3 zomaliza yendani mpaka mpweya ubwerere. Osangoima chilili kapena kudziponya pakhonde. Miyendo ikasiya kuyenda mwadzidzidzi magazi amaunjikana m'munsi, chizungulire n'kukugwirani.

Katatu pa sabata, kudumphitsa tsiku pakati, monga Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Kuwawa kwa ntchafu mawa lake kapena mkuja n'kwachibadwa, kumatha pakadutsa masiku ochepa. Masabata atatu kapena anayi akakuyenderani bwino, kwezani kufika masekondi 30 n'kupumira 30.

Nthawi yabwino ndi m'mamawa 6 koloko isanakwane, makamaka mu Okutobala ndi Novembala, mutamwa kapu ya madzi. Mukadya nsima dikirani maola awiri. Ngati muli ndi bipi, shuga kapena vuto la mtima, yambani mwafunsa kuchipatala. Thupi likatentha kapena malungo akangokusiyani kumene, osachita. Ndipo chifuwa chikathina, kapena m'maso mukachita mdima, lekani pomwepo mukaonane ndi adokotala tsiku lomwelo.