Pepala la ku Durban lija musalidalire kwambiri

"Alandilodi anditengera kukhothi la majisitireti kuno ku Joni kuti andichotse m'nyumba. Mnzanga wandipezera chigamulo cha khothi lalikulu la ku Durban pomwe wochita lendi anapambana. Kodi majisitireti sakakamizika kutsatira chimenechi?"

Achimwene, mwandikumbutsa za 2019, mtima wayamba kale kuwawa. Ayi, si nthawi zonse. Majisitireti wa kuno amakakamizika kutsatira khothi lalikulu la Gauteng, khothi la apilo la ku Bloemfontein, ndi khothi la malamulo oyendetsera dziko la ku Braamfontein. Cha ku Durban ndi cha chigawo china. Atha kuchiwerenga n'kuchikonda, koma ngati a Gauteng anagamulapo mosiyana pa mfundo yomweyo, atsatira a Gauteng ngakhale mumtima asakugwirizana nawo.

Ine ndinkachita lendi chipinda ndi galaja yosokeramo zovala ku Rosettenville. Bambo wina, Mmalawi mnzathu ndithu, wa suti ndi chikwama, anandidyera R1500 n'kundisindikizira chigamulo cha ku Cape Town, atalemba mzere wofiira pansi pa ndime imodzi. Akuti mukangowerenga apa mlandu watha. Tsikulo ndinaimirira, manja akunjenjemera, mayi a kunyumba ali kumbuyo ndi mwana kumsana, ndinawerenga ndi Chingerezi changa chothyokathyoka. Loya wa alandilodi sanakweze n'komwe mawu. Anangoti ichi n'cha chigawo china, komanso ndime yomwe ndawerengayo woweruza ankangolankhulapo podutsa, si chifukwa chomwe anagamulira mlanduwo. Chomwe majisitireti amakakamizika kutsatira ndi chifukwa chomwe anagamulira mlandu basi, zongonena m'mbali sizikakamiza munthu. Majisitireti anagwedeza mutu, pepala langa n'kuliika pambali ngati lisiti ya buledi. Nditatuluka kuimbira bambo uja, foni yozimitsa. Mpaka lero amayenda kutchalitchi, mbava imeneyi!

Chinandipulumutsako n'chigamulo chomwe sindinkachidziwa n'komwe, cha Ndlovu v Ngcobo, cha ku Bloemfontein mu 2002. Chinati lamulo la PIE la 1998, loletsa kuchotsa anthu m'nyumba mosatsata malamulo, limatetezanso munthu yemwe lendi yake inathetsedwa koma akadali m'nyumba. Chisanabwere, khothi lalikulu la kuno ku Joni linkati silimuteteza, ndiye apilo itanena, zakalezo zinagwa. Majisitireti anachitsatira yekha, anandifunsa za mwana ndi komwe tingapite, n'kutipatsa miyezi iwiri. Koma galaja anati ayi, lamulolo ndi la malo ogona, si a bizinesi. Makina anga anatuluka mwezi womwewo.

Ndiye onani pamwamba pa pepala lanulo, khothi liti, chaka chiti, oweruza angati, chifukwa atatu amalemera kuposa mmodzi. Mupite ku Legal Aid akaone ngati sichinagwetsedwe pa apilo. Komabe kalitengeni pepalalo, musalisiye. Ngati a Gauteng ndi a Bloemfontein sananenepo kanthu pa mfundoyo, cha ku Durban chimamveka ndithu. Kodi mumagonamo kapena ndi shopu?