Mudi ndi toni, nkhani yake ili pamtondo

"Agogo, ndili folomu 4 kuno ku Kasungu. Aphunzitsi akafunsa mudi ndi toni ya ndakatulo ine ndimayankha chimodzimodzi, amvekere ndalakwa. Zimasiyana pati?"

Mdzukulu wanga, ana a masiku ano munazolowera chigayo nde simunamveko amayi akuimba posinja, apo ayi sukadafunsa. Tayerekeza mayi wina ali pamtondo ndi anzake awiri, misi ikugunda mosinthana, iye nkuyamba:

Amuna anga ndi bwana ee
Ku Chinkhoma anapita ndi mabelo asanu
Abwera ndi sopo mmodzi, ndiwathokoze

Pamalopo anthu akuseka, wina akululutira, ngakhale wodutsa m'njira akugwedeza mutu. Chimene chadzadza pabwalopo nkulowa mumtima mwa iwe womvera, ndiye mudi. Apa ndi chisangalalo.

Koma tamumvetsetsa mayiyo. Akuthokozadi? Mabelo asanu a fodya, chaka chonse chodzuka mbandakucha kukathirira nazale, munthu nkubwera ndi sopo mmodzi basi. Mawu oti "bwana" sakugwirizana ndi sopoyo, ndipo pamene mawu akutsutsana ndi zimene zachitika mpamene umagwira mtima wa woyankhula. Akuwanyogodola amunawo, mkati muli mkwiyo koma waukutira ndi ulemu poti mkazi sangatukwane mwamuna wake pagulu apongozi ali pomwepo. Toni ndi imeneyo, mmene woyankhula akuionera nkhani yakeyo.

Nde iwe ukalemba kuti toni ndi yachisangalalo chifukwa nyimboyo ikukoma, wagwa nayo, wayankha za womvera pomwe akufunsa za woimba.

Tsopano mizere yomweyo tiisamutse. Mlakatuli awonjezere kuti ndi usiku, koloboyi akuzima, mwana akutsokomola pamphasa, nkhokwe ili mbee. Palibenso woseka, mudi yasanduka chisoni mwinanso mantha, koma uja akuti "ndiwathokoze" akadanyogodolabe. Chasintha ndi chimodzi, chinacho chili pomwepo.

Pamayeso uziyamba ndi kufunsa kuti akuyankhula ndani ndipo akunena za ndani, chifukwa woyankhula si mlakatuli nthawi zonse, bambo wandevu atha kulemba ngati mayi wapamtondo uja. Ukatero usake mawu amene woyankhulayo wasankha potchula munthuyo kapena chinthucho, akanati "chidakwa chija" toni ikanakhala mkwiyo wosabisa. Za mudi uziyang'ana malo, nthawi, phokoso ndi zithunzi zimene zikubwera m'mutu. Ndipo usamangoti "yabwino" kapena "yoipa", nena kuti yonyoza, yodandaula, yonyadira, kenako ukopere mzere umene wakuuza zimenezo.

Nthawi zina zimakumanadi, wolira mayi ake mochokera pansi pamtima amatiliritsa tonse, nde usachite kukakamiza kuti zisiyane. Koma dzana paja unafika dzuwa lili pamutu ine nkuti "mwalawira achimwene", iwe unayankha kuti zikomo agogo.