Kusaka nyimbo yakale imene sampulo inachokera

"Akuluakulu, pali nyimbo yatsopano imene ili ndi kalipenga kobwerezabwereza kumbuyo, ndipo ndikukhulupirira kuti anakatenga mu nyimbo yakale. Ndayesa Shazam koma ikungondibwezera nyimbo yatsopano yomweyo. Ndingaipeze bwanji nyimbo yoyambirirayo?"

Achimwene, Shazam simungaiimbe mlandu. Pulogalamuyi siimva nyimbo monga momwe khutu lanu limamvera. Imayeza mawu amene akumveka mwamphamvu, kukwera kwake ndi nthawi imene ikudutsa pakati pawo, kenako nkufananiza ndi zimene inasunga. Mukaimvetsera nyimbo yonse, ng'oma ndi mawu a woimba watsopano ndiwo amapambana. Ngakhale mutaipatsa kalipengako pakokha, ikhoza kulephera ngati wokonza nyimboyo anakathamangitsa, pakuti miyeso yonse ija imakhala itasuntha. Ndiye ntchito yanu yeniyeni ndi kubweza zimene wokonza nyimbo anachita, kufikira kachidutswako katabwerera mwakale.

Musanavutike, yambani mwaona mayina a olemba nyimbo yatsopanoyo, pa Discogs, webusaiti yosunga mndandanda wa zimbale, kapena pa pulogalamu imene mumamvera nyimbo. Ngati sampulo, ndiye kuti kachidutswa kotengedwa mu nyimbo yakale, analipirira, kawirikawiri olemba nyimbo yakale amalembedwa limodzi ndi atsopano. Mukaona dzina la munthu amene sangakhale kuti anali mu situdiyo tsiku limenelo, mwina anamwalira kale kapena ndi wa mbadwo wina, tsatani dzina limenelo. Onaninso pa WhoSampled, webusaiti yolemba kumene masampulo anachokera, koma zimene zili pamenepo amalemba ndi anthu ngati ife tomwe, choncho zimene mwapezapo mukazitsimikize ndi khutu lanu. Ngati kumeneku kulibe kanthu, ndiye tivule jekete.

Choyamba tsimikizani kuti ndi sampulodi. Pali kusiyana pakati pa kudula chidutswa cha nyimbo yojambulidwa kale, ndi kuitana woimba lipenga kuti aimbenso kaimbidwe komweko lero. Valani mahedifoni mumvere kalipengako kakubwereza kanayi kapena kasanu. Sampulo imabwereza chilichonse ndendende, ndi zolakwika zomwe. Ngati pali kuthetheka kwa mbale yakale kumene kukugwa pamalo amodzimodzi ulendo uliwonse, kapena mpweya umene woimba anakoka, kapena mawu amene akuzirala bwinobwino kenako nkuduka mwadzidzidzi pamene chidutswa chikuyambiranso, imeneyo ndi sampulo. Mvetseraninso pansi pa lipengalo. Nthawi zambiri mumatsalira zida zina za nyimbo yakaleyo, kagitala kapena ng'oma zomveka patali zimene sizikugwirizana kwenikweni ndi ng'oma zatsopano. Tizinyalala timeneti musatinyoze, ndito tidzakhale mboni zanu kumapeto.

Ndikufotokozereni momwe ndinapezera ina imene inandisowetsa tulo, chifukwa manambala ake amaonetsa bwino njira yonse. Inali ndi piyano yobwereza, yomveka yopyapyala ngati ya chidole. Ndinaitsegula mu Audacity, pulogalamu yokonzera mawu pa kompyuta, nkufunafuna malo pamene piyanoyo ili yokha. Malo otere amapezeka kumayambiriro, kumathero, kapena pamene ng'oma zaima kaye pang'ono. Ine ndinapeza kumathero, woimba atasiya, bezi yokha ikulirabe. Ndinadula kachigawoko nkuchotsa bezi ndi High-Pass Filter pa 200 Hz. Musakweze kwambiri nambala imeneyi, chifukwa mukafika cha ku 500 mumayamba kudya piyano yeniyeniyo. Ndipo ngati wokonza nyimbo anachita zosiyana, ndiye kuti anachotsa mawu a pamwamba nkusiya sampulo ikumveka ngati ili m'chipinda china, zimene anachotsazo simungazibwezeretse. Pamenepo mumadalira khutu basi.

Kenako ndinayeza utali. Nyimbo yatsopanoyo imagunda ka 96 pa mphindi, ndipo piyano imayambiranso pakatha kugunda 16. Kugunda kumodzi ndi masekondi 60 kugawa ndi 96, amene ndi 0.625, choncho chidutswa chonse chinali masekondi 10 ndendende. Nambala imeneyi ilembeni penapake.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Mukathamangitsa nyimbo ngati momwe mbale imathamangira pa galamafoni, zinthu ziwiri zimasintha limodzi: nyimbo imafupika ndipo mawu amakwera. Sizingasiyane. Kukweza mawu ndi semitoni imodzi, ndiye kuti kuchoka pa kiyi imodzi ya piyano kupita pa yoyandikana nayo, kumafuna liwiro lowonjezera pafupifupi 6 peresenti. Ndiye pobweza, mumatsitsa semitoni imodziimodzi pogwiritsa ntchito Change Speed (mu Audacity watsopano analemba kuti Change Speed and Pitch). Pa Speed Multiplier mumalemba 0.944 potsitsa imodzi, 0.891 ziwiri, 0.841 zitatu, 0.794 zinayi, ndi 0.749 zisanu. Yesaninso 0.741, chifukwa pali chizolowezi chakale choseweretsa mbale yozungulira ka 33 pa mphindi pa liwiro la 45, ndipo nambala imeneyi ndiyo imabweza zimenezo. Ulendo uliwonse yambirani pa chidutswa choyamba chija, osati pa chimene mwachedwetsa kale, kuopa kusokoneza masamu. Musagwiritse Change Tempo kapena Change Pitch pa siteji ino, chifukwa zimenezo zimasintha chinthu chimodzi nkusiya chinzake.

Ine ndinasunga fayilo iliyonse payokha nkumazimvera motsatana. Pa 0.944 ndi 0.891 piyano inali ikadali ya chidole. Pa 0.841 inakhala pansi, inamveka ngati chida chokhala ndi thupi, ndipo kamawu kena kamene ndinkayesa ndi mwana kanasanduka mawu a mayi wamkulu akung'ung'udza. Mawu a munthu ndiwo muyeso wabwino koposa, popeza khutu lathu limadziwa msanga pamene munthu akumveka ngati munthu. Lipenga lanulo lidzakuuzaninso: likathamangitsidwa, kunjenjemera kwa mawu ake kumafulumira mosakhala bwino, ndipo mukafika pa liwiro lenileni kumadekha. Kumbukirani kuti ena amachedwetsa m'malo mothamangitsa. Ngati sampulo ikumveka yolemera ndi yaulesi, pitani mbali inayo: 1.059, 1.122, 1.189.

Fayilo ya 0.841 ija ndinaimvetsera Shazam, ndikuibwereza kangapo kuti italike. Ulendo woyamba sinapeze kanthu. Ndinasuntha pang'ono, 0.835 kenako 0.845, poti si onse amene amathamangitsa ndi semitoni yathunthu, ambiri amangokoka mpaka sampulo igwirizane ndi ng'oma zawo. Pa 0.845 inanditchulira nyimbo ina ya m'zaka za m'ma 1970. Ndinasangalala, koma msanga.

Nyimboyo inalidi yomweyo, kaimbidwe kake kofanana, koma nditayeza chigawo cha piyanocho chinatenga masekondi 12.6. Ndikagawa 12.6 ndi 10 ndimapeza 1.26, amene ndi masemitoni anayi. Koma nditafananiza mawu pa kiyibodi, sampulo inali pamwamba ndi masemitoni atatu okha. Utali ukunena zinayi, khutu likunena zitatu. Manambala akakangana chotere pali zifukwa zitatu: mwina wokonza nyimbo anasintha liwiro ndi kiyi padera, zimene makompyuta a masiku ano amachita mosavuta, mwina anaimbanso yekha, kapena mwapeza nyimbo yolondola koma kujambula kolakwika. Chifukwa chake Shazam inagwira kujambula kolakwikako sindinachifufuze, ndinangoitenga ngati munthu amene wandilozera mudzi koma osati nyumba.

Ndinapita pa Discogs nkulemba dzina la nyimboyo. Inapezeka kuti woimbayo anaijambula kawiri, ina ya pa chimbale chachikulu ndi ina ya pa kambale kakang'ono ka 45, ndipo gulu linanso linaiimba patapita zaka. Nditapeza ya pa kambale kakang'onoko, chigawo chija chinatenga masekondi 11.9. Kugawa ndi 10 kumapereka 1.19, ndipo masemitoni atatu ndi 1.189. Utali ndi kiyi zinagwirizana.

Umboni womaliza ndi kuzisanjika. Ikani nyimbo yakale pa mzere umodzi ndi sampulo yochedwetsedwayo pa mzere wina, mukulitse chithunzi cha mafunde, mugwirizanitse kugunda koyamba. Imodzi muitumize ku khutu lamanzere, inayo kumanja. Ngati ndi kujambula komweko, ziwirizo zimayenda ngati chinthu chimodzi, ndipo zikayamba kusiyana zimasiyana pang'onopang'ono mofanana, moti kukonza liwiro pang'ono kumathetsa vutolo. Ngati wina anachita kuimbanso, apa atsogola, apo atsalira, ndipo palibe nambala imene ingakonze zimenezo, chifukwa anthu awiri saimba mofanana ndendende. Kwa ine, kung'ung'udza kwa mayi uja kunagwera pamalo pake penipeni, ndi kakulira ka mpando kamene kanali pambuyo pa kugunda kwa 11. Ena adzakuuzani kuti mugwiritse Invert pa mzere umodzi kuti mawuwo afafanizane. Musadalire zimenezo. Sampulo imakhala itadutsa mu zosefera zambiri, ndiye siifafanizika ngakhale mutapeza gwero lenileni.

Chimene chingakulepheretseni kwambiri ndi kuduladula. Ngati wokonza nyimbo anadula lipengalo m'tizidutswa nkutisanja mwatsopano, kaimbidwe kamene mukukang'ung'udzako mu nyimbo yakale mulibe, anakapanga ndi iyeyo. Mudzazindikira pomva liwu limodzi likubwera kawiri mofanana ndendende, kapena phokoso la kumbuyo likudumphadumpha pakati pa mawu. Zikatero sakani ndi kachidutswa kamene katalikirapo, ndipo mumvere mtundu wa kajambulidwe: ngati ng'oma zonse zili ku khutu limodzi ndipo lipenga lili ku linalo, kawirikawiri kumeneko ndi kujambula kwa m'ma 1960. Onaninso nyimbo zina za wokonza yemweyo, poti munthu akapeza chimbale chokoma sabwerako ndi chidutswa chimodzi.

Chinanso, mukapeza nyimbo yakale musafulumire kunena kuti mwafika pa chitsime. Mu "Don't Stop the Music" ya Rihanna ya 2007, mawu obwereza aja anawadula mu "Wanna Be Startin' Somethin'" ya Michael Jackson ya pa chimbale cha 1982. Imeneyo ndi sampulo. Koma Jackson naye anatengera ku "Soul Makossa" ya Manu Dibango wa ku Cameroon ya 1972, ndipo iye sanadule mbale ya Dibango, anachita kuimbanso mosinthako pang'ono. Choncho funso loti mawu ojambulidwawo anachokera kuti yankho lake ndi Jackson, pamene loti kaimbidweko anayamba ndani likufikitsani kwa Dibango. Lipenga lanulo likhoza kukhala chimodzimodzi, ndiye mukapeza mbale yake muonenso dzina la wolemba limene lili pansi pa mutu wa nyimbo.

Dulani masekondi 10 kapena 15 a pamene lipengalo lili lokha, mupange mafayilo a 0.891, 0.841 ndi 0.741, mutiponyere pamodzi ndi loyambalo. Mutiuzenso kuti nyimboyo ikugunda kangati pa mphindi komanso anaikonza ndani. Pakati pathu pali akuluakulu amene anakulira pa mbale zimenezi, ndipo nyimbo ikabwerera pa liwiro lake amaizindikira isanathe ndi mzere woyamba.