Pepala la zolankhula likhale ndi podula pake

Agogo, achinyamata anzanga andisankha kuti ndikawalankhulire pamwambo wokumbukira ufulu wa dziko la Mozambique pa 25 Juni kuno ku Ulongwe. Andipatsa mphindi 8, koma akuti akuluakulu akafika mochedwa nthawiyo imachepetsedwa pompo. Pepala langa ndilikonze bwanji?

Mdzukulu wanga, yamba ndi kulemba mawu amene sungabwerere pampando usanawanene: malonje, pempho limodzi limene anzako akutuma, ndi kuthokoza. Tinene kuti pempholo ndi lakuti msewu ukonzedwe kuti mbatatesi zizifika kumsika zisanaole. Uwerenge mokweza wotchi ili pambali, modekha ngati uli kale pagulu. Zisapitirire mphindi 3.

Mphindi 5 zotsalazo uzigawe patatu, gawo lililonse loti likhoza kuchoka lonse. Mbiri ya ufulu wa 1975 itenge mphindi 2. Nkhani ya mlimi amene matumba ake anaolera panjira itenge mphindi imodzi ndi theka, ndipo zimene achinyamata akulonjeza kuchita okha zitengenso chimodzimodzi. Gawo lililonse ulizingire mzere ndi cholembera chofiira, chifukwa pensulo sioneka manja akayamba kunjenjemera. M'mbali ulembe nambala ndi kutalika kwake. Nambalayo ikuuze loyamba kuchoka, osati loyamba papepala. Mbiri ya ufulu ndiye 1, poti akuluakulu adzainena bwino kuposa iwe. Ukadula 1 watsala ndi mphindi 6, ukadulanso 2 watsala ndi 4 ndi theka, ukadula onse wabwerera pa 3.

Ambiri amagwa polumikiza. Kuchokera pamene gawo layambira, ujambule muvi wotsika m'mbali mpaka pa liwu limene udzatererepo, ndipo liwulo ulidule mzere kunsi. Kenaka uphimbe gawolo ndi dzanja n'kuwerenga chiganizo cham'mwamba ndi cham'munsi motsatizana. Ngati cham'munsi chayamba ndi “Zimene zinamuchitikira mlimiyu”, pamene mlimiyo wamudula, anthu adzayang'anana kufunsana kuti mlimi wake uti. Uchikonze kuti chiime pachokha: “Msewu ukaonongeka, mbatatesi zimaolera panjira.” Usake mawu onse oloza kumbuyo, monga “iwo”, “zimenezi” ndi “monga ndanena kale”. Usalonjezenso poyamba kuti uli ndi mfundo zinayi, kapena kumati “chachiwiri”, “chachitatu”. Agogo anzanga okhala kutsogolo aja amawerenga ndi zala, ndipo ukalumpha amadziwa. “Chinanso” chimakwanira.

Ulembe mbali imodzi ya pepala ndi malemba akuluakulu, ndipo gawo lodula lisayambe patsamba lina n'kukathera patsamba lina, kuopa kuti ungamasanthule mapepala anthu akudikira. Mawu otsekera akhale patsamba lawolawo, kuti akakunong'oneza kuti maliza, ungotenga tsamba lomalizalo. Foni ndimaikayikira: padzuwa sioneka, ndipo chala chikaterereka wasokera.

Malonje sadulidwa, amangofupikitsidwa. Ulembe awiri. Aatali atchule aliyense ndi udindo wake, aafupi atchule magulu motsata ukulu: akuluakulu a boma, mafumu athu, atsogoleri a mipingo, amayi ndi abambo. Ndondomeko yake ukafunse kwa woyendetsa mwambo lisanafike tsikulo. Usankhe amodzi usanatsegule pakamwa. Kuyamba aatali n'kudula pakati n'kumene kumabweretsa mlandu, chifukwa mfumu imene watchula mnzake iyo n'kuisiya sidzati nthawi inachepa, idzati mwana wa uje ndi wamwano. Pothokozanso n'chimodzimodzi, utchule onse kapena uwathokoze monga gulu.

Woyendetsa mwamboyo umufunsenso ngati padzakhale womasulira m'Chipwitikizi. Akakhalapo, chiganizo chilichonse chimanenedwa kawiri, ndiye mawu a mphindi 4 ndi theka aja apitirira kale mphindi 8. Pamenepo udule magawo onse atatu ukadali kunyumba, ndipo womasulirayo umupatse pepala lake lokhala ndi mizere yofiira ngati lako.

Uyesere njira zonse zinayi mokweza pamaso pa m'bale wako amene sanaone pepalalo, ndipo umuuze akweze dzanja akamva kuti penapake palumphidwa. Akakweza, ukonze pamenepo. Poyeserapo, pamwamba pa gawo lililonse ulembe mphindi imene uyenera kukhala utafikapo. Tsikulo, ukafika pomwe walemba 4 koma wotchi ikuti 5, lumpha, usathamangitse mawu. Pa zokuzira mawu, wolankhula mothamanga samveka kumbuyo.

Polumphapo upume kamodzi, uyang'ane anthu, diso litsate muvi, upitirize. Usanene kuti “nthawi andichepetsera” kapena “zina ndazisiya”. Mawu otere amachititsa manyazi woyendetsa mwambo pamaso pa alendo ake, komanso akuluakulu amene afika mochedwawo amamva ngati ukuwanena iwowo.